Khasu, chisikilo ndi mpope: chida chimadziwika ndi kukamwa kwake

Mwezi wa Okutobala ukafika, kutsogolo kwa masitolo ogulitsa zipangizo zaulimi kumadzaza makasu. Ena amawayala pa saka, ena amawamanga khumikhumi ndi waya, ndipo zisikilo amazipachika pa chingwe pafupi ndi zikwanje. M'kati, pamwamba pa mashelefu, mumakhala mipope yopopera mankhwala ya mitundu yowala, yachikasu, yabuluu ndi yofiira. Wogula ambiri amafunsa mtengo, n'kunyamula chidacho kuti amve kulemera kwake, basi n'kulipira. Akafika kumunda m'pamene amazindikira kuti khasu lija likudula mizu ya anyezi, chisikilo chikuyoyola mpunga, kapena mpope ukumaliza mankhwala munda usanafike pakati.

Nthawi zambiri chidacho sichikhala choipa, koma chimakhala kuti anachipangira ntchito ina. Njira yodziwira ntchitoyo ndi kuyang'ana mbali ya chida imene imakhudza dothi kapena mbewu. Pa khasu mbali imeneyi ndi chitsulo chake, pa chisikilo ndi mano, ndipo pa mpope ndi kachipangizo kakang'ono ka kunsonga kamene kamatulutsa mankhwala.

Khasu lotambalala ndi khasu lopapatiza

Khasu limene aliyense amalidziwa ndi lija lotambalala kukamwa, lolimira mizere ya chimanga, fodya, mtedza ndi soya. Ntchito yake yaikulu ndi kunyamula dothi. Pounga mizere, mlimi amatenga dothi la mzere wakale n'kuliika mu khwawa, ndipo pobandira amakokera dothi ku tsinde la chimanga. Popeza alangizi amalimbikitsa kuti mizere ya chimanga italikirane masentimita 75, ekala imodzi imakhala ndi mizere yoti mutailumikiza ingapitirire makilomita asanu. Khasu likakhala lopapatiza, munthu amagwetsa kawiri pamene mnzake wagwetsa kamodzi, ndipo dzuwa limamupeza asanapite patali.

Makasu ambiri ochokera ku fakitale amakhala ndi nambala yodindidwa pafupi ndi polowera mpini. Nambalayi ndi kulemera kwa chitsulo m'mapaundi. Khasu la mapaundi awiri ndi theka limapitirira pang'ono kilogalamu imodzi, pamene la mapaundi atatu limayandikira kilogalamu ndi theka. Kusiyanaku kumaoneka kochepa m'sitolo, koma kumamveka m'mapewa munthu akalima kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa litakwera. Khasu lolemera limalowa lokha m'dothi lolimba monga katondo wouma kapena makande a kudambo. M'dothi lamchenga kulemerako n'kungodzitopetsa, ndipo popalira, pamene cholinga ndi kudula udzu pamwamba chabe, khasu lopepuka limayenda msanga komanso silivulaza mizu ya chimanga.

N'chifukwa chake pakhomo pa mlimi wodziwa ntchito khasu lakale silitayidwa. Likatha n'kusanduka kambwiri, limapita kudimba. Pakati pa mizere ya anyezi, karoti kapena mpiru pamakhala mpata wochepa, woti khasu latsopano silingadutse osakhapa mbewu. Osula zitsulo amapanganso dala timakasu ting'onoting'ono ta ntchito imeneyi, ndipo timapezeka m'misika ya madera olima ndiwo zamasamba monga Ntcheu ndi Dedza.

Pali khasu lina looneka lachilendo kwa amene anazolowera mizere: lalitali chitsulo, lopapatiza, lochindikala ndi lolemera kwambiri. Ku Zambia limatchuka ndi dzina loti khasu la Chaka, ndipo linafala limodzi ndi ulimi wa mayenje. Ntchito yake ndi kukumba mozama, osati kukokera dothi. Munda ukalimidwa ndi khasu wamba chaka ndi chaka pa kuya komweko, pansi pa mizere pamapangika dothi louma gwa limene madzi ndi mizu zimavutika kulipyola. Chizindikiro chake ndi madzi odikha m'makwawa mvula ikangogwa, komanso muzu wa thonje kapena nandolo wopindikira kumbali m'malo molunjika pansi. Khasu lopapatizali limaswa dothi limenelo, ndipo mayenje ake amakumbidwa m'chilimwe, mvula isanagwe. Munthu akalitenga kuti akaungire mizere amangovutika, chifukwa silinyamula dothi lokwanira.

Lomaliza ndi khasu la mano, limene m'malo mwa chitsulo chathyathyathya limakhala ndi mano atatu kapena anayi. Limathandiza kuphwanya zibuma pa bedi, kuzula udzu woyanga ndi mizu yake, komanso kukumba mbatatesi ndi mbatata. Khasu wamba likagwera pa mbatatesi limaidula pakati, ndipo mbatatesi yodulidwa siichedwa kuola ndiponso pamsika imagwa mtengo. Mano aja amanyamula dothi ndi mbatatesi pamodzi, makamaka mlimi akalowetsa khasu kumbali kwa mzere osati pa tsinde penipeni.

Msuka kapena bowo

Makasu amasiyananso polowera mpini. Khasu lachikhalidwe lili ndi msuka, kachitsulo kosongoka kamene kamalowa m'mutu wa mpini. Mpini wake umakhala wa mutu wonenepa, ndipo ambiri amaotcha msukawo pamoto kuti uboole mtengo. Ubwino wake ndi woti mlimi amasankha yekha kapendekedwe ka chitsulo: akafuna khasu lokokera dothi amalipendeketsa kuloza kwa iye, akafuna lokumbira amaliimika pang'ono. Vuto lake ndi kuguluka, makamaka mpini ukauma kapena ukang'aluka pamutu.

Khasu linalo lili ndi bowo lozungulira, ndipo mpini umalowa m'bowomo kuchokera pamwamba n'kukathina ndi mbali yake yonenepa. Siliguluka wamba, koma kapendekedwe kake kanakhazikitsidwa kale ku fakitale. Pogula khasu lotere, malo oyamba kuyang'ana ndi pamene bowolo likulumikizana ndi chitsulo, chifukwa ndi pomwe limathyokera. Ngati pali mng'alu, ngakhale wochepa ngati tsitsi, kapena ngati pakuoneka kuti anangowotcherera zidutswa ziwiri mwachisawawa n'kupakapo penti, khasulo silitha nyengo m'dothi lamiyala.

Kulimba kwa chitsulo kumamveka ndi khutu. Khasu likagwiridwa mopepuka n'kugogodedwa ndi chitsulo china, labwino limalira mokoma ndi motalika, pamene long'aluka limangomveka phwa. Chitsulo chofewa kwambiri chimapindika kukamwa chikakumana ndi mwala, ndipo chouma kwambiri chimabenthuka. Osula ambiri amakonda zitsulo zakale za masipuling'i a galimoto ndi madisiki a pulawo ya thirakitala, chifukwa n'zolimba koma zimalola kunoledwa.

Mano a chisikilo

Mayina a zida zodulira udzu amasokoneza. Chida chokhota ngati mwezi watsopano, chimene munthu amamwetera atagwira udzu kudzanja lina, ena amati chisikilo, ena zenga, ndipo m'madera ena amati chikwakwa. Koma chikwakwa ndi dzinanso la chitsulo chachitali chopindika kunsonga chimene ana asukulu amatchetchera udzu ataimirira. Wotumidwa kukagula "chikwakwa" ayenera kufunsa ngati n'chomwetera kapena chotchetchera, chifukwa chotchetchera chimamwaza zimene chadula ndipo sichingakolole mbewu.

Zisikilo zomwetera nazo zili pawiri. China chili ndi timano ting'onoting'ono m'kati mwa kukhota kwake, china n'chosalala ngati mpeni. Cha mano chimadula mocheka: mlimi amagwira mapesi, n'kukoka chisikilo kamodzi kuloza kwa iye, mano aja n'kuluma phesi osaterereka. Ichi ndicho cha mpunga, ndipo chimayendanso bwino pa udzu wouma wofolera nyumba, womwe ndi wolimba ndi woterera. Chosalala chimafuna kukhapa pang'ono, ndipo chimagwira bwino pa udzu wauwisi wa ziweto, monga nsenjere yanthete imene alimi a ng'ombe zamkaka a ku Thyolo ndi Chiradzulu amamwetera ng'ombe zawo.

Kusiyanaku kumaonekera pa nthawi yokolola mpunga ku Karonga, ku Nkhotakota, ku Bwanje kapena m'madambo ozungulira nyanja ya Chilwa. Mpunga wakucha sufuna kugwedezedwa. Chisikilo chosalala kapena chobuntha chimakakamiza wokolola kukhapa kapena kukoka kawiri, ndipo kugwedeza kulikonse kumagwetsa njere m'matope momwe palibe angazitole. Mlimi akaona njere zambiri pansi pamene wangodutsa, zifukwa zake zimakhala ziwiri: mpunga wapitirira kucha, kapena chisikilo sichikudula.

Chisikilo cha mano chimaonongeka kawirikawiri ndi mwini wake ponola. Mano ake anasemedwa mbali imodzi yokha, ndipo mbali inayo ndi yosalala. Tupa kapena mwala ziyenera kudutsa mbali yosalalayo, kuti chitsulo chikamachepa mano aziyambanso kuthwa. Kunola mbali ya mano kumawafafaniza, ndipo chisikilo chimasanduka mpeni wopyapyala umene sudula mpunga bwino ngakhale udzu. Pogula, ndi bwino kuona ngati manowo akupendekera ku chigwiriro, komanso ngati chitsulo chalowa mokwanira m'chigwiriromo, chifukwa zisikilo zotchipa zimayamba kugwedera pamenepo.

Mipope itatu yooneka mosiyana

Mpope wofala kwambiri ndi woberekera kumsana, wokhala ndi chogwirira chimene munthu amapopa ndi dzanja limodzi uku linalo litagwira ndodo yopopera. Yambiri imalowa malita 15, 16 kapena 20, ndipo nambalayi imalembedwa pa thanki. Masiku ano ikupezekanso ya batire yochita kutchaja, yooneka chimodzimodzi koma yopanda chogwirira chopopera. Palinso timipope ta malita asanu kapena kucheperapo, topachika paphewa, timene munthu amayamba wapopa mpweya kenako n'kumathira. Timeneti n'tokwanira pa nazale ndi pa mabedi angapo, koma mphamvu yake imatsika pamene mankhwala akutuluka, choncho kathiridwe kake sikafanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Wachitatu amaudziwa bwino alimi a thonje a ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima. Ndi ndodo yaitali yokhala ndi mabatire a tochi m'kati, kabotolo ka lita imodzi kunsonga, ndi kambale kozungulira mwaliwiro kamene kamamwaza mankhwala ngati nkhungu. Alangizi amautcha ULV. Unapangidwira madera osowa madzi, chifukwa hekitala yonse ingapoperedwe ndi malita pafupifupi khumi, pamene mpope wa kumsana umafuna malita oposa zana. Koma nkhunguyo imayenda ndi mphepo. Wopopera amayenda modutsa mphepo, kambale kali kumbali imene mphepo ikupita, kuti mankhwala agwere pa thonje osati pa iye. Tsiku lopanda kamphepo kapena la mphepo yamkuntho silipoperedwa, ndipo mankhwala opha udzu saikidwa mu mpope umenewu chifukwa angaulukire m'munda wa mnansi.

Kachipangizo kamene ambiri sakayang'ana

Pa mpope wa kumsana, chimene chimasiyanitsa ntchito ndi nozo, kachipangizo kakang'ono ngati nsonga ya chala kamene kamamangidwa kumapeto kwa ndodo. Mipope yambiri imabwera ndi kapepala ka pulasitiki ka manozo angapo, ndipo alimi ambiri amamanga imodzi n'kutaya zinazo.

Nozo ya kabowo kozungulira imatulutsa mankhwala ngati ambulera, timadontho take tili tating'ono kwambiri. Iyi ndi ya mankhwala ophera tizilombo ndi oteteza ku matenda a masamba, pa tomato, thonje, fodya kapena kabichi, pamene pafunika kuti mankhwala afike paliponse, ngakhale kunsi kwa tsamba kumene nsabwe za mbewu zimabisala. Nozo ya kabowo kong'ambika ngati diso la mphaka imatulutsa mankhwala mopyapyala ndi motambalala ngati chipepeso, ndipo ndi ya mankhwala opha udzu. Yachitatu ili ndi kamlomo kamene madzi amagundapo asanamwazike. Imathira motambalala kwambiri, madontho ake ndi aakulu, choncho sauluka wamba ndi mphepo. Nayonso ndi ya udzu, makamaka pothira panthaka mbewu zisanamere.

Kusinthanitsa manozowa kumabweretsa mavuto ooneka ndi maso. Mankhwala opha udzu akadutsa mu nozo ya ambulera, timadontho take timauluka n'kukawaula mbewu za m'mizere yoyandikana. Mankhwala a tizilombo akadutsa mu nozo ya madontho aakulu, amangotsetsereka pa tsamba n'kugwera pansi, mlimi n'kumadandaula kuti anamugulitsa mankhwala achinyengo. Pa ntchembere zandonda, zimene zinafika m'Malawi mu nyengo ya ulimi ya 2016 mpaka 2017, nozo iyenera kulunjika mu mchombo wa chimanga momwe mbozizo zimabisala, osati kungowaza pamwamba pa munda.

Manozo a makampani odalirika amakhala ndi mitundu yosonyeza kuchuluka kwa madzi amene amatulutsa. Pa mphamvu yofanana, imene opanga amayezera, yachikasu imatulutsa mamililita 800 pa mphindi imodzi, yabuluu lita imodzi ndi mamililita 200, ndipo yofiira lita imodzi ndi mamililita 600. Ndiye kuti mlimi akachotsa yachikasu n'kumanga yofiira, wawirikiza kawiri madzi otuluka, ngakhale mpope uli womwewo ndipo iye akuyenda monga kale. Manozo ena otchipa satsata mitunduyi, choncho njira yodalirika ndi kudziyezera.

Kuyeza mpope ndi madzi okha

Tiyerekeze mlimi ali ndi ekala imodzi ya chimanga ndi mpope wa malita 16, ndipo pa botolo la mankhwala a udzu amene wagula palembedwa kuti hekitala imodzi imafuna malita awiri. Ekala ndi magawo awiri mwa magawo asanu a hekitala, choncho munda wake ukufuna mamililita 800. Funso ndi loti mu thanki iliyonse athiremo angati, ndipo yankho lake silili pa botolo, chifukwa limadalira nozo yake ndi kayendedwe kake.

Amayamba ndi kupima malo a mamita khumi mulitali ndi mamita khumi mulifupi m'munda momwemo. Amadzaza mpope ndi madzi okha mpaka pa mzere wa malita 16, n'kupopera malowo monga mmene adzachitire tsiku la ntchito, osathamanga komanso osazengereza. Akamaliza amabwezeretsa madzi mu thanki ndi botolo lodziwika muyeso mpaka afike pa mzere uja. Tinene kuti alowa malita awiri. Ekala imodzi ili ndi malo otere pafupifupi 40, ndiye kuti munda wonse udzamwa malita 80, omwe ndi mathanki asanu. Mamililita 800 aja akagawidwa pasanu, thanki iliyonse ilandira mamililita 160.

Tsopano tiyerekeze kuti nozo ija yatayika, ndipo mlimiyo wagula ina yotulutsa madzi ambiri, yoti pa malo omwe aja ikumwa malita atatu. Munda wake tsopano udzafuna malita 120, kapena mathanki asanu ndi awiri ndi theka. Akapitiriza kuthira mamililita 160 mu thanki iliyonse monga anazolowera, adzagwiritsa ntchito mamililita 1,200, kuonjezera theka pa muyeso woyenera. Ndalama zapita, ndipo mbewu nazo zikhoza kupserera. Nozo ikakhala yotulutsa madzi ochepa, zimatembenuka: mankhwala amachepa pa munda ndipo udzu sufa.

Nozo imathanso ndi ntchito. Kabowo kake kamakula pang'onopang'ono, makamaka ndi mankhwala aufa komanso madzi a mchenga. Kuti aone ngati yatha, mlimi amapopera madzi mu chigubu kwa mphindi imodzi n'kuyerekeza ndi mmene inkatulutsira ili yatsopano. Ikaonjezera gawo limodzi mwa magawo khumi, ndi yofunika kusintha. Ikatsekeka, imatsukidwa ndi madzi ndi mswachi wakale. Kuitokosa ndi singano kapena waya kumakuza bowo ndi kupotoza kathiridwe, ndipo kuiuzira ndi pakamwa ndi kumwa mankhwala.

Pogula mpope weniweniwo, wogulitsa apemphedwe kuthiramo madzi kuti uyesedwe pomwepo. Chivindikiro chisadonthe mpope ukapendekeka, chifukwa chodontha chimanyowetsa msana wa wopopera ndi mankhwala tsiku lonse. Pakamwa pa thanki pakhale sefa, ndipo pa chogwirira chotsegulira pasatuluke madzi. Ndi bwinonso kufunsa ngati timalabala ta m'kati ndi manozo a mpope umenewo zimapezeka m'sitolomo, popeza mipope yambiri imene ili m'nkhokwe za anthu inaima chifukwa cha kalabala kamodzi kosowa.

Mlimi wolima chimanga pamodzi ndi tomato, thonje kapena fodya ali ndi chinthu chinanso choti asamale. Mankhwala ena opha udzu wa masamba otambalala, monga 2,4-D, amakanirira mu thanki ndi mu paipi, ndipo kachidontho kotsalira n'kokwanira kupiringiza masamba a mbewu zitatuzi mpaka kuoneka ngati zagwidwa matenda. Amene angakwanitse amakhala ndi mipope iwiri, wa udzu atauika chizindikiro cha penti. Amene ali ndi umodzi, kapena wobwereka kwa mnzake, afunse zimene zinalimo komaliza, autsuke katatu ndi madzi a sopo kutali ndi chitsime kapena mtsinje, madziwo akudutsa mu paipi ndi mu nozo, ndipo ayambe wayesa pa mbewu zochepa za kumapeto kwa munda n'kudikira masiku angapo asanapopere munda wonse.